Masamu a Dayisi: Wobetcha Amayembekezera Zingati, Nanga Amapeza Zingati?

Tiyerekeze kuti munthu wayala kathebulo pamsika ndipo akuitanira anthu ku masewero a dayisi, kaja ka mbali zisanu ndi imodzi komwe ana amaseweretsa ludo. Malamulo ake ndi osavuta. Ukapereka K600 umaponya dayisi kamodzi. Ikagwa 1, 2 kapena 3, ndalama yako yapita. Ikagwa 4 kapena 5, akubwezera K600 yako. Ikagwa 6, akupatsa K1,800.

Anthu ambiri akamva malamulowa amaona ngati ndi achilungamo, mwinanso okomera woponya. Amati pa mbali zisanu ndi imodzi, zitatu zokha ndi zomwe zimakudyera, ndipo imodzi imakupatsa ndalama yako katatu. Koma mwini masewero sanayale thebulo lake kuti agawe ndalama. Phindu lake lili m'malamulo momwemo, ndipo tikhoza kuliwerengera mpaka pa kwacha dayisi isanaponyedwe n'komwe. Timafunika nambala ziwiri zokha. Yoyamba ndi avereji yoyembekezeka, yomwe imatiuza mbali imene ndalama ikupendekera. Yachiwiri ndi variyansi, yomwe imatiuza kukula kwa kumwazikana kwa zotsatira, ndipo ndi imene imafotokoza chifukwa chomwe woponya saona msanga kuti akudyeredwa.

Tebulo la mwayi

Ntchito imayamba ndi kulemba zonse zimene zingachitike, chilichonse pamodzi ndi mwayi wake. Nambala yomwe tikuitsata, imene akatswiri a masamu amakonda kuipatsa chilembo X, ndi ndalama imene yawonjezereka kapena kuchepa m'thumba mwa woponya akatha kuponya kamodzi. Sitikuidziwa dayisi isanagwe, komabe singakhale nambala ina iliyonse. Ili ndi zotsatira zitatu basi, zoti tikhoza kuzitchula chimodzichimodzi. Nambala zotere, zodza mwamwayi koma zokhala ndi zotsatira zowerengeka, ndi zomwe zimakwana mu tebulo.

| Dayisi yagwa | Kusintha kwa m'thumba, x | Mwayi wake, P(x) |
|---|---|---|
| 1, 2 kapena 3 | −600 | 3/6 |
| 4 kapena 5 | 0 | 2/6 |
| 6 | +1,200 | 1/6 |

Pali zinthu ziwiri zofunika kuziyang'anitsitsa tisanapitirire. Choyamba, mzere womaliza ukunena +1,200 osati +1,800, chifukwa mu K1,800 ija muli K600 yako yomwe unapereka poyamba. Kuiwala ndalama yolowera ndi cholakwa chofala kwambiri, ndipo chimachititsa masewero alionse kuoneka okoma. Chachiwiri, mwayi wonse ukauphatikiza uyenera kukwana 1. Apa 3/6 ndi 2/6 ndi 1/6 zikupanga 6/6. Zikapanda kukwana ndiye kuti pali chotsatira chomwe chaiwalika, ndipo zikapyola ndiye kuti china chawerengedwa kawiri. Tebulo lotero palibe chifukwa chopitirira nalo.

Avereji yoyembekezeka

Munthu wofulumira angaphatikize nambala zitatuzo, −600 ndi 0 ndi +1,200, n'kupeza 600, kenaka n'kugawa ndi 3. Yankho lake likhala +200, ndipo anyamuka wokondwa kuti wapeza masewero opindulitsa. Wasokera pati? Watenga zotsatira zitatuzo ngati zimabwera mofanana, pomwe kuluza kumabwera katatu pamene kuwina kwabwera kamodzi. Chotsatira chilichonse chiyenera kulemera molingana ndi mwayi wake. Choncho timachulukitsa chilichonse ndi mwayi wake, kenaka n'kuphatikiza:

```
E(X) = Σ x · P(x)
     = (−600 × 3/6) + (0 × 2/6) + (1200 × 1/6)
     = −300 + 0 + 200
     = −100
```

Chizindikiro cha Σ chikungotanthauza kuti phatikizani mizere yonse, ndipo E(X) ndiyo avereji yoyembekezekayo. Yankho ndi −100: pa kuponya kulikonse, woponya amataya K100 pa avereji.

Ngati mafulakishoni akusokoneza, ganizirani anthu 600 amene aliyense waponya kamodzi. Pafupifupi 300 aluza K600 aliyense, yomwe pamodzi ndi K180,000. Pafupifupi 200 abwezeredwa zawo. Pafupifupi 100 apindula K1,200 aliyense, pamodzi K120,000. Mwini masewero watsala ndi K60,000, ndipo mukaigawa kwa anthu 600 aja mupeza K100 pa munthu, monga taonera kale.

Onani kuti −100 mulibe mu tebulo. Palibe munthu amene angaponye kamodzi n'kutaya K100 yeniyeni. Amataya K600, kapena sataya kanthu, kapena amapindula K1,200. Avereji yoyembekezeka siilosera za kuponya kumodzi. Imanena komwe avereji ya kuponya kochuluka imakakhazikika. Mfundo imeneyi anaitsimikizira mwa masamu ndi Jacob Bernoulli wa ku Basel, m'buku lake lomwe linatuluka mu 1713 iye atamwalira kale. Koma kuwerengera mtengo wa mwayi kunayamba kale pang'ono. Mu 1654 Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat a ku France analemberana makalata pa funso la otchova juga: masewero akalekezedwa panjira, ndalama za pathebulo zigawidwe bwanji? Patapita zaka zitatu, mu 1657, Christiaan Huygens wa ku Holland anasindikiza kabuku kofotokoza mtengo woyenera wa mwayi m'masewero. Masamu amenewa anabadwiradi pa juga, ngakhale lero amagwira ntchito kwambiri ku makampani a inshuwaransi.

Tebulo lomweli likhozanso kutiuza mphotho imene ingapange masewerowa kukhala achilungamo, oti avereji ikhale 0. Mzere woyamba ukupereka −300, ndiye mzere wa 6 uyenera kupereka +300. Kuti zitero, phindu la 6 liyenera kukhala K1,800, kutanthauza kuti mwini masewero azipereka K2,400 yonse pamodzi. Iye akupereka K1,800. Kusiyana kwa K600 kumeneko, kobwera kamodzi pa kuponya kasanu ndi kamodzi, ndiye malipiro ake. Pa K600 iliyonse yoikidwa pathebulo amatengapo K100, pafupifupi 17 pa 100 iliyonse.

Masewero achiwiri

Tsopano tiyerekeze kuti pafupi pomwepo pali wina amene ali ndi madayisi awiri. Mtengo ndi womwewo, K600. Onse awiri akagwa 6, akupatsa K18,000. China chilichonse, waluza. Madayisi awiri akhoza kugwa m'njira 36, ndipo njira imodzi yokha ndi yomwe ili 6 ndi 6. Tebulo lake lili ndi mizere iwiri: +17,400 wokhala ndi mwayi wa 1/36, ndi −600 wokhala ndi mwayi wa 35/36. Mukawerengera, mzere woyamba ukupereka 483.33 ndipo wachiwiri −583.33. Kuphatikiza, −100.

Avereji ndi imodzimodzi. Komatu amene wasewerapo awiriwa angakuuzeni kuti si masewero ofanana. Pa oyamba ndalama imalowa ndi kutuluka pang'onopang'ono. Pa achiwiri munthu amaluza ulendo ndi ulendo, kenaka tsiku lina n'kutola mtolo. Avereji payokha singasiyanitse zimenezi, ndipo apa ndi pomwe variyansi imalowera.

Kuyeza kumwazikana

Funso la variyansi ndi ili: zotsatira zimagwera kutali bwanji ndi avereji? Tibwerere ku masewero oyamba, amene avereji yake ndi −100. Woluza K600 ali pansi pa avereji ndi 500. Wobwezeredwa ndalama ali pamwamba ndi 100. Wopindula K1,200 ali pamwamba ndi 1,300.

Njira yooneka yachidule ingakhale kutenga avereji ya mitunda imeneyi, koma siithandiza. Yesani: −500 kuchulukitsa ndi 3/6 ndi −250, 100 kuchulukitsa ndi 2/6 ndi 33.33, 1,300 kuchulukitsa ndi 1/6 ndi 216.67. Zonse pamodzi ndi 0. Zimatero pa tebulo lililonse, chifukwa avereji imakhala pamalo pomwe za pansi ndi za pamwamba zimafafanizana ndendende. Ndi njira yabwino yotsimikizira kuti avereji mwaiwerengera bwino, koma siyeza kumwazikana.

Kuti mitunda isafafanizane, uliwonse timauchulukitsa ndi iwo womwe, komwe kusukulu amati kupanga sikweya. Mayinasi ikachulukitsidwa ndi mayinasi imasanduka pulasi, ndiye mitunda yonse imakhala mbali imodzi. Sikweya ya 500 ndi 250,000, ya 100 ndi 10,000, ya 1,300 ndi 1,690,000. Kenaka timachita monga poyamba paja, iliyonse ndi mwayi wake:

```
Var(X) = Σ (x − E(X))² · P(x)
       = 250000 × 3/6 + 10000 × 2/6 + 1690000 × 1/6
       = 125000 + 3333.33 + 281666.67
       = 410000
```

Variyansi ndi 410,000. Dzinali analiyambitsa ndi Ronald Fisher wa ku Britain mu 1918, pamene ankalemba za momwe achibale amafananira pa zinthu monga msinkhu.

Muone kuti mzere wa 6, ngakhale ndi wosowa kuposa yonse, ndi umene wapereka gawo lalikulu la variyansi, 281,667 mwa 410,000. Sikweya imakuza kwambiri zotsatira zakutali. Mtunda ukakula kawiri, sikweya yake imakula kanayi. Ine ndimaona kuti khalidwe limeneli ndi loyenera pa nkhani ya ndalama, pakuti chimene chimagwedeza thumba la munthu ndi zotsatira zikuluzikulu zobwera mwa apo ndi apo.

Pali njira ina yachidule yomwe ophunzira amaikonda pa mayeso. Mumapanga sikweya ya zotsatira zenizenizo, kupeza avereji yake, kenaka n'kuchotsera sikweya ya avereji yoyamba ija:

```
Var(X) = E(X²) − (E(X))²
       = (360000 × 3/6 + 0 + 1440000 × 1/6) − (−100)²
       = 420000 − 10000
       = 410000
```

Yankho ndi lomwelo, ndipo n'kwanzeru kuwerengera njira zonse ziwiri kuti ina itsimikizire inzake. Pa njira yachidule anthu amapunthwa pa mayinasi. Sikweya ya −100 ndi +10,000, ndipo imeneyo ndiyo imachotsedwa. Woiphatikiza amapeza 430,000. Ena amasinthanitsa zigawo ziwirizo n'kupeza yankho la mayinasi. Variyansi singakhale pansi pa 0, popeza ndi kuphatikiza kwa masikweya. Mukaona ya mayinasi, dziwani kuti penapake palakwika.

Vuto la 410,000 ndi loti si makwacha. Tinachulukitsa makwacha ndi makwacha, ndiye nambalayi singaikidwe pafupi ndi K100 ija n'kuziyerekeza. Kuti tibwerere ku ndalama timafuna nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe ipereke 410,000. Nambalayo ndi pafupifupi 640. Tiitche mlingo wa kumwazikana. M'mabuku amailemba ndi chilembo cha Chigiriki σ. Tanthauzo lake ndi loti pa kuponya kumodzi, zotsatira zimatalikirana ndi avereji ndi ndalama ya m'ma K640.

Pa masewero a madayisi awiri, mitunda ndi 17,500 pamwamba ndi 500 pansi. Mukatsata njira yomweyo, variyansi ikutuluka 8,750,000, ndipo mlingo wa kumwazikana ndi pafupifupi K2,958. Avereji ndi yofanana, koma variyansi yaposa ya masewero oyamba maulendo opitirira 21.

Chifukwa chake woponya saona

Ikani nambala ziwirizi pafupi: kutaya kwa K100 ndi kumwazikana kwa K640. Kutayako n'kochepa poyerekeza ndi kukwera ndi kutsika kwa kuponya kumodzi, ndiye amene waponya kasanu kapena kakhumi sangakuone. Akhoza kuchoka atawina, ndipo sakunama akamauza anzake kuti masewerowa amalipira.

Zinthu zimasintha kuponya kukachuluka, chifukwa nambala ziwirizi sizikula pa liwiro limodzi. Ngati kuponya kulikonse sikudalira kunzake, avereji zimaphatikizana ndipo variyansi nazonso zimaphatikizana. Pa kuponya 100, kutaya koyembekezeka ndi K10,000 ndipo variyansi ndi 41,000,000. Koma mlingo wa kumwazikana umachokera pa variyansi kudzera mu sikweya ija, ndiye ukutuluka K6,400 yokha. Kuponya kwachuluka ka 100, kutaya kwakula ka 100, koma kumwazikana kwangokula ka 10. Pa kuponya 10,000, kutaya ndi K1,000,000 pomwe kumwazikana ndi K64,000. Zili ngati bwato pa mtsinje wa mafunde: mafunde amalikankhira uku ndi uku, koma madzi akuyenda mbali imodzi, ndipo ulendo ukatalika madziwo ndi amene amapambana.

Tikhoza kupeza malo pomwe kutaya kumafanana ndi kumwazikana. Timagawa variyansi ndi sikweya ya avereji. Pa masewero oyamba, 410,000 kugawa ndi 10,000 ndi 41. Kuponya kukapyola 41, kutaya kumayamba kuposa kumwazikana. Pa masewero a madayisi awiri, 8,750,000 kugawa ndi 10,000 ndi 875. Munthu akhoza kusewera kwa miyezi asanafike pamenepo, ndipo nthawi yonseyo zimene akuona ndi maso ake sizikumuuza zoona za masewerowo.

Kusiyanaku kumaoneka bwino tikafunsa kuti mwa anthu amene aponya ka 100, ndi angati akhale ndi phindu. Pa masewero oyamba ndi pafupifupi 6 mwa anthu 100 alionse. Pa achiwiri, munthu amawononga K60,000 pa kuponya 100, ndiye afunika kuwina kanayi kapena kuposa kuti apindule, poti katatu kamangobweza K54,000. Mwayi wa zimenezi ndi pafupifupi 30 pa 100. Choncho masewero a variyansi yaikulu amatulutsa opambana ambiri oti anthu aziwaona ndi kuwakamba, chonsecho ndalama yotayika pa avereji ndi yomweyo. Ichi ndi chimene chimandidetsa nkhawa ndi masewero a mphotho zikuluzikulu: umboni umene anthu amaukhulupirira, woti uje anawina, ndi woona ndithu, koma ukungoonetsa kukula kwa variyansi. Sukunena kanthu za avereji. Amene sanawineko ngakhale kamodzi pa kuponya 100, omwe ndi pafupifupi 6 mwa 100, nkhani yawo siimveka.

Zimenezi si za pamsika pokha. Gudumu la ruleti la mtundu wa ku Ulaya lili ndi timabowo 37, kuyambira 0 mpaka 36. Mwa timeneti 18 ndi tofiira, 18 takuda, ndipo 0 ndi kobiriwira. Woika K1,000 pa mtundu wofiira amapindula K1,000 ndi mwayi wa 18/37, n'kutaya K1,000 ndi mwayi wa 19/37. Woika pa nambala imodzi amapindula K35,000 ndi mwayi wa 1/37, n'kutaya K1,000 ndi mwayi wa 36/37. Onse awiri avereji yawo ndi kutaya K27 pa K1,000 iliyonse. Koma mlingo wa kumwazikana ndi pafupifupi K1,000 kwa woyamba ndi K5,838 kwa wachiwiri. Wobetcha ali ndi ufulu wosankha variyansi imene akufuna, koma avereji inakhazikitsidwa kale ndi 0 uja, ndipo palibe kasankhidwe ka manambala komwe kangaisunthe.

Variyansi imamukhudzanso mwini masewero. Wa madayisi awiri uja akalandira oponya 100 pa tsiku, atolera K60,000, ndipo pa masiku pafupifupi atatu mwa khumi alionse adzapereka mphotho zoposa zimene watolera. Ngati alibe mpamba wokwanira kupirira masiku oterowo, akhoza kugwa avereji isanamufikire. N'chifukwa chake nyumba za juga zimaika malire pa ndalama yomwe munthu angabetche kamodzi, ndipo zimafuna obetcha ambiri a ndalama zochepa kusiyana ndi mmodzi wa ndalama zambiri.

Pomwe masamuwa amalekezera

Zonse tawerengerazi zatsamira pa tebulo, ndipo tebulo latsamira pa chikhulupiriro choti dayisi ndi yabwinobwino, mbali iliyonse ili ndi mwayi wa 1/6. Dayisi ikakhala yolemera mbali imodzi, mwayi umasintha ndipo avereji imasintha nawo. Kuyesa kwake n'kotheka, ndipo variyansi yomweyo ndi imene imathandiza. Dayisi yabwino ikaponyedwa ka 600, 6 amayembekezeka kugwa ka 100, ndi mlingo wa kumwazikana wa pafupifupi 9. Akagwa ka 92 kapena ka 110 palibe chodabwitsa. Akagwa ka 60, dayisiyo ndi yokayikitsa kwambiri. Pa kubetcha kwa mpira zinthu zimavutirapo, chifukwa palibe mbali zoti tiwerenge. Mwayi woti timu ipambane umachita kuyerekezedwa, ndiye tebulo lake limakhala lolondola pokhapokha kuyerekezako kuli kolondola.

Chachiwiri ndi kusadalirana kwa kuponya. Kuphatikiza variyansi kuja kumagwira ntchito chifukwa dayisi siikumbukira zimene zagwa kale. Amene waluza ka 35 motsatizana pa madayisi awiri amamva ngati ulendo wa 36 ndi wake, koma mwayi wake ukadali 1/36. Ndipo mwayi woti munthu aponye ka 36 osawinako ndi pafupifupi 36 pa 100, woposa kamodzi pa katatu. Pa masewero a makadi, pomwe khadi lotuluka silibwerera mu mpukutu, kuponya kwina kumakhudza kotsatira, ndipo tebulo liyenera kulembedwanso pa sitepe iliyonse.

Chomaliza n'choti mlingo wa kumwazikana sufotokoza maonekedwe a zotsatira. Pa madayisi awiri tapeza K2,958, koma palibe amene angataye ndalama yotere pa kuponya kumodzi. Malire a kutaya ndi K600, ndipo kumwazikana konseko kwachokera ku mphotho imodzi yosowa ija. Inshuwaransi ya nyumba ikanakhala kuti palibe, tebulo la mwini nyumba likanaoneka motembenuza: zaka zambiri palibe chotayika, kenaka chaka chimodzi moto n'kutenga zonse. Matebulo awiri otere akhoza kukhala ndi variyansi yofanana, chonsecho m'modzi chosowacho ndi mphotho ndipo m'winamo ndi tsoka. Wogula inshuwaransi amavomera avereji ya mayinasi mwadala kuti achepetse variyansi yake, pomwe wobetcha amalipira avereji ya mayinasi kuti aikulitse. Kuti mudziwe mbali imene chosowacho chili, nambala ziwirizi sizikwanira, ndipo muyenera kubwerera ku tebulo n'kuwerenga mzere uliwonse.